Webusaiti ikukana polipira, ndiwalembere bwanji a sapoti?

"Abale ndithandizeni. Ndili ku Santhe, ndikufuna kugula sola ndi batire pa webusaiti ina ya ku Lilongwe koma ndikafika polipira imangozungulira basi. Ndawalembera kuti webusaiti yanu sikugwira, andiyankha zoti nditumize veshoni ya bulawuza, zomwe ndinachita ndi masikirinishoti. Ndiye ndi chani chimenechi, ndilembe bwanji?"

Chemwali, choyamba musadinenso batani lolipira lija mpaka mutaona balansi yanu ndi ma meseji a ndalama pafoni. Nthawi zina peji imakhala ikuzungulira chonsecho ndalama yatuluka kale, ndiye mukadina katatu mutha kudulidwa katatu. Ngati meseji yoti mwalipira inabwera isungeni bwinobwino, muli nambala ya thiranzakishoni ija, ndi imene adzafufuzire ndalama yanu. Ngati sinabwere ndipo balansi ili momwemo ndiye mtima pansi, tikambe zolemba.

Munthu amene wakuyankhaniyo sikuti akukuzembani ayi. Iye watsegula webusaiti yomweyo pa laputopu yake ku ofesi, wayika katundu, walipira, zatheka. Ndiye kwa iye palibe chavuta. Amene amakonza zinthuzi sangakonze vuto lomwe sanalione ndi maso ake, akufuna adutse njira yomwe munadutsa inuyo mpaka limuchitikire iyenso. Meseji yanu ntchito yake ndi imeneyo basi, kumulondolera njira.

Ine zinandichitikirapo mu Julayi 2024. Ndili ndi kashopu ka fotokope pa boma pano, ndimaoda tona pa webusaiti ina, sinditchula dzina. Tsiku limenelo ndayika tona awiri, ndalemba dzina, nambala, ndasankha boma la Kasungu, ndadina kuti ndilipire, kabatani kangozungulira osatha. Ndinayesa katatu nkusiya. Kenako nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pamene pamayenera kukhala mtengo wa dilivale palembedwa NaN, ndipo pa Total napo NaN. Timalemba titatu timeneti webusaiti imatulutsa ikalephera kuwerengera, tanthauzo lake nloti chomwe chatuluka si nambala. Ndiye ndinabwerera m'mbuyo nkusintha chinthu chimodzi chokha, boma, ndinayika Lilongwe m'malo mwa Kasungu, sindinalipire ayi ndimangofuna kuona. Mtengo wa dilivale unaoneka, Total naye anaoneka bwinobwino. Ndinabweza Kasungu, NaN uja wabweranso. Apa ndi pamene ndinadziwa choti ndilembe, ndipo atandiyankha anandiuza kuti mtengo wa dilivale wa Kasungu unali usanalowetsedwe atasintha mitengo yawo. Akanakhala akuyesa ndi adiresi ya ku Lilongwe kwawoko sakanaliona vutoli mpaka kalekale.

Ndiye inunso musanalembe yesani chimodzimodzi, koma muzisintha chimodzi pa nthawi. Anthu ambiri amasintha foni, netiweki ndi bulawuza, apu yotsegulira intaneti ija, zonse nthawi imodzi, zikatheka sadziwanso kuti chavuta chinali chiti. Yambani ndi komwe mwatsegulira webusaitiyo. Ngati munadina linki mu Facebook, peji imatseguka mkati mwa apu yomweyo, si bulawuza yanu ya masiku onse imeneyo, ndiye koperani linkiyo mukayitsegule mu Chrome. Ngati mumagwiritsa Opera Mini posunga bando, dziwani kuti ikakhala pa Extreme peji imayamba yadutsa pa makompyuta awo kuti ichepe, ndipo ma peji olipira ambiri sayenda bwino choncho. Kenako yesani mu New Incognito tab, imeneyi imatsegula webusaiti ngati mlendo osatenga zakale zomwe foni inasunga, ikagwira mmenemo ndiye kuti vuto ndi zotsalira za mufoni mwanu. Komaliza muyese netiweki ina kapena foni ya wina wapakhomo, ndipo ngati muli ndi VPN, apu yobisa komwe mukulowera pa intaneti ija, izimitseni. Chilichonse mwayesa mulembe zotsatira zake papepala, ngakhale zomwe sizinasinthe kanthu, zimenezonso zimawathandiza kuchotsa zokayikira.

Pena muyang'anenso polemba nambala ya foni. Ma webusaiti ena amayikiratu +265 kumayambiriro ndiye inu mukayambanso ndi 0 nambala imatalika, meseji yoti mulowetse PIN siyifika, peji imangodikira. Yesani ndi 0 komanso opanda 0 ndipo mudzawauze momwe munalembera.

Tsopano veshoni ya bulawuza. Bulawuza ndi apu yomwe mumatsegulira intaneti, Chrome, Phoenix, Firefox ndi zina zotero, ndipo iliyonse ili ndi nambala yosonyeza kuti ndi yatsopano kapena yakale bwanji. Webusaiti itha kuyenda bwino pa yatsopano nkumakana pa yakale, nchifukwa chake akufunsa. Mu Chrome ya pa Android dinani timadontho titatu pamwamba kumanja, pitani pa Settings, tsikani mpaka pansi pa About Chrome. Pamenepo muona Application version, komanso Operating system yomwe ikuuzani Android yanu. Njira ina yachidule, lembani izi polemba adiresi ya webusaiti paja:

```
chrome://version
```

Nambala yake ndi yaitali, ya zigawo zinayi zolekanitsidwa ndi timadontho, ikopereni yonse. Musalembe kuti "ndili ndi yatsopano" chonde, mafoni athu ambiri timazimitsa zoapudeta posunga bando ndiye yomwe mukuti yatsopanoyo mwina ndi ya zaka ziwiri zapitazo. Mutchulenso mtundu wa foni ndi modelo yake, zili pa Settings ya foni, About phone.

Masikirinishoti ndi zithunzi za zomwe zikuoneka pa sikirini, pa Android ambiri mumadina batani lozimitsira foni pamodzi ndi lochepetsa voliyumu. Pa kompyuta ya Windows ndi Win + Shift + S. Koma vuto lomwe ndimaliona si kujambula kwake, ndi chojambulacho. Munthu amadula chithunzi nkusiya kabatani kokha kozungulira, wa sapoti sangadziwe kuti ndi peji iti. Jambulani sikirini yonse, adiresi ya pamwamba ioneke ndi nthawi ya pakona ioneke. Zitatu zimakwana, china cha katundu ali mu Cart, china cha fomu mutadzaza musanadine, china pamene zakanika. Ngati patuluka mawu ofiira kapena nambala ngati 500 kapena 502, muwalembenso mu meseji ndendende momwe alembedwera, musawamasulire, chifukwa iwo amakopera mawuwo nkukafufuza nawo mu sisitimu yawo. Poti lanu ndi lozungulira ndipo chithunzi sichionetsa kuzungulira, werengani kuti mwadikira nthawi yaitali bwanji, kapena mujambule kavidiyo ngati foni yanu ili ndi Screen record.

Apa ndiye ndikupempheni kwambiri chemwali. Musanatumize fufutani nambala ya kadi, manambala atatu a kumbuyo kwa kadi aja, PIN, pasiwedi ndi kodi iliyonse yobwera pa meseji. Wa sapoti weniweni sazifuna zimenezi kuti akonze webusaiti, wina akakufunsani PIN kapena OTP, kodi ya pa meseji ija, ameneyo ndi wakuba, dulani foni. Ndipo mutumize ku imelo kapena nambala yomwe yalembedwa pa webusaiti pawopo, osati kwa munthu amene angakulowereni inibokisi mutaposita muno. Mukamatumiza pa WhatsApp sankhani Document kuti chithunzi chisafooke, apo ayi timalemba ting'onoting'ono sitiwerengeka.

Meseji yomwe ine ndinatumiza inali chonchi, musinthe muyike zanu, ndipo ngati amayankha m'Chingerezi mungotsata ndondomeko yomweyi:

"Mutu: Polipira pakuoneka NaN ndikasankha Kasungu pa District.

Muli bwanji. Lero cha m'ma 10:40 m'mawa ndalephera kulipira oda yanga. Ndikugwiritsa foni ya Tecno, Android 12, Chrome 126.0.6478.122, pa data ya foni, palibe VPN. Ndinalowa mu akaunti yanga, ndinayika tona awiri mu Cart, ndinadina Checkout, ndinadzaza dzina ndi nambala yoyamba ndi 0, pa District ndinasankha Kasungu. Ndimayembekezera kuona mtengo wa dilivale ndi ndalama zonse, koma pa Delivery ndi pa Total palembedwa NaN. Nditadina Pay batani linazungulira mphindi zitatu, meseji yofunsa PIN sinabwere, ndalama sinadulidwe. Zachitika katatu pa katatu. Mu Incognito ndi chimodzimodzi, pa laputopu ndi chimodzimodzi. Ndikasintha District kukhala Lilongwe mitengo ikuoneka bwino. Ndaphatikiza zithunzi zitatu, 1 ndi Cart, 2 ndi fomu ya Kasungu, 3 ndi fomu ya Lilongwe. Chonde ndiuzeni ngati oda yalowa kumbali yanu komanso ngati pali njira ina yolipirira podikira kuti mukonze."

Muona kuti mutu wokha wanena kale vuto ndi pomwe lili, ameneyo ndi amene amawerengedwa koyamba pakati pa ma imelo ambirimbiri olembedwa kuti thandizeni. Nthawi ndinayika chifukwa webusaiti imasunga kaundula wa zonse zochitika ndi nthawi yake, ukawapatsa 10:40 amapita pomwepo. Pa imelo mulembenso deti lenileni osangoti lero, poti mwina adzayitsegula mawa lake. Mabatani ndinawatchula momwe alembedwera pa sikirini. Ndipo ndinasiyanitsa zomwe ndimayembekezera ndi zomwe zinachitika, osayikapo maganizo anga oti mwina seva yanu yagwa, chifukwa ukawauza chifukwa cholakwika amakataya tsiku akufufuza kosayenera. Mawu oti "katatu pa katatu" ndi ofunika zedi, vuto lochitika nthawi zonse ndi lochitika mwa apo ndi apo amalifufuza mosiyana, ndiye ngati kwa inu zimatheka pena, nenani choncho.

Ngati ndalama yanu inadulidwa, chimenecho chikhale pa mzere woyamba weniweni, ndalama zingati, nthawi yanji, nambala ya thiranzakishoni ndi nambala ya oda ngati inatuluka, ndipo munene poyera chomwe mukufuna, katundu kapena kubwezeredwa. Akakupatsani nambala ya tikiti isungeni, muziyankha pa imelo yomweyo osayamba ina yatsopano tsiku lililonse, nkhani imabalalika ndipo aliyense woitsegula amakufunsani zomwezomwezo. Sola ndi batire ndi katundu wolemera, ndiye ine ndikanayamba kuyang'ana pa dilivale pomwepo, komanso muyese kusiya sola yokha mu Cart kenako batire yokha muone ngati chimodzi mwa ziwirizo ndi chomwe chikuyimitsa. Mukaona zomwe zatuluka tiuzeni muno, tikuthandizani kuyika bwino mawuwo musanatumize.