Mawu akamachedwa kufika pa msonkhano wa pa foni

"Ndine mlembi wa gulu la alimi a mbatatesi kuno ku Ulongwe. Tikamakambirana pa Zoom ndi ogula a ku Tete timazimitsa makamera kuti mamega asathe. Koma timangodulana mawu, kenako tonse zii, kenako tonse tayambanso limodzi. Titani?"

Alembi, palibe wamwano pagulu lanulo. Vuto ndi nthawi imene mawu amatenga panjira. Bungwe loona za matelefoni la ITU limati mawu akafika pasanathe mamilisekondi 150 anthu amacheza bwinobwino, koma akapitirira 400 kucheza kumavuta; sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. Netiweki ikafooka, malire amenewa sachedwa kudumphidwa.

Tiyerekeze kuti mawu akuchedwa theka la sekondi. Mwanena kuti, "Thumba limodzi tikugulitsa mwakuti." Wogula amva pakatha theka la sekondi, aganize pang'ono, ayankhe, ndipo yankho lake litenganso theka lina kuti likupezeni. Kwa inu pangokhala chete kwa sekondi yathunthu ndi kuposa. Mtima ukuti sanamve, ndiye mufunsa kuti "Mukundimva?" pamene yankho lili kale m'njira. Mawu awiriwo awombana, nonse musiya, nonse muyambanso.

Choncho mukamaliza kulankhula, werengani mpaka katatu chamumtima musanatsegulenso pakamwa. Poyamba zimakhala ngati mwasowa chonena, koma mumazolowera.

Popeza nkhope simukuonana, dzina ligwire ntchito ya maso. Liyambe ndi dzina, funso libwere pambuyo: "Abambo a ku Tete, galimoto mutumiza liti?" Mukaika dzina kumapeto, mwini wake amadzidzimuka funso litadutsa kale. Kumutchula koyamba kumamupatsanso mpata wotsegula maikolofoni. Mukatha nenani poyera kuti "Ndathera pamenepo." Mukawombanabe, wapampando atchule woyamba ndi wotsatira, musamangopatsirana "pitirizani, pitirizani."

Chovuta kusiya ndi chizolowezi chathu chovomereza mnzathu akamalankhula, "eee," "inde," "zoonadi." Pabwalo ndi ulemu. Pa foni yoikidwa pa sipika, pulogalamu imalimbana ndi kubwerera kwa mawu, ndipo ka "eee" kanuko kangathe kudula mawu a wolankhulayo, mwina pomwe amatchula mtengo penipeni. Ine ndimati tsekani maikolofoni, mudzavomereze nthawi yanu ikakwana. Mahedifoni amathandizanso kwambiri.

Musanalankhule yang'anani kachizindikiro ka maikolofoni: kakakhala ndi mzere wodutsa pakati, palibe akukumvani. Pa kompyuta ya Windows, Zoom imatseka ndi kutsegula ndi Alt+A. Wina akaitanidwa n'kukhala chete, muuzeni kuti "Mwatseka maikolofoni," ndipo iye akatsegula ayambirenso pachiyambi.

Ngati alimi angapo mwakhala m'chipinda chimodzi, foni imodzi yokha ndiyo ilumikize mawu. Ziwiri zikatsegulidwa moyandikana, ina imatola mawu a inzake n'kuwabweza, ndiye kulira kwa "tswiii" kuja. Ndipo mtengo kapena chiwerengero cha matumba chikatchulidwa, inu alembi chilembeni pa Chat kuti wogula atsimikize msonkhano usanathe.