Kubwerera mmbuyo pa PERT kukundithera pa 2 mmalo mwa 0

Anzanga ndithandizeni, ndili ndi asayimenti ya PERT, njira ija yowerengera nthawi imene pulojekiti ingatenge, ndipo mutu waima. Ntchito zake ndi izi, nthawi ili mmasiku:

```
Ntchito  Masiku  Imadikira
A        3       -
B        5       A
C        2       A
D        4       B
E        2       C
F        3       B, E
G        2       D, F
```

Kupita kutsogolo ndikupeza masiku 14, koma ndikamabwerera mmbuyo LS ya A ikutuluka 2, komanso za fuloti zija sindikuzimva olo pang'ono. Ndikulakwitsa pati?

Akulu, 14 ijayo mwakhoza, musaikhudzenso. Pamene pakukuvutani ndi pamalo awiri basi, pa B ndi pa A, ndipo ndikudziwa chimene mwachita chifukwa 2 ameneyo amangotuluka ngati munthu watenga nambala yaikulu pamene amayenera kutenga yaing'ono. Koma tiyeni tiyambire kutsogolo komweko kuti muone chifukwa chake, mukangoloweza kuti apa yaikulu apa yaing'ono mudzasokonezanso tsiku la mayeso.

Jambulani ntchito iliyonse ngati kabokosi, dzina ndi masiku ake pakati, ES ndi EF pamwamba, LS ndi LF pansi. Muvi ukungonena kuti uyu sangayambe uyo asanamalize, kutalika kwa muviwo kulibe tanthauzo lililonse. ES ndi tsiku loyambirira limene ntchito ingathe kuyamba, EF ndi tsiku loyambirira limene ingathe kutha, nde `EF = ES + masiku`. A ikuyamba pa 0 kuthera pa 3. B ndi C onse amangodikira A nde onse ayamba pa 3, B ithera pa 8, C pa 5. D itenga 8 wa B uja nkuthera pa 12, E itenga 5 wa C nkuthera pa 7.

Pa F mpamene mivi iwiri ikukumana. E yatha pa 7 koma B ikadali mkati mpaka pa 8, nde F ingayambe bwanji pa 7? Zili ngati wokhoma denga, mitengo ya denga itha kukonzeka msanga koma ngati khoma silinafike pamwamba akhala pansi kudikira basi. Nchifukwa chake popita kutsogolo timatenga yaikulu, amene wachedwa ndi amene amalamula. F iyamba pa 8 kuthera pa 11. G nayo chimodzimodzi, D yatha pa 12, F pa 11, titenga 12, kuphatikiza masiku 2 ndi 14 wanu uja.

Tsopano kubwerera. Funso lasintha apa, sitikufunsanso kuti ingayambe msanga liti, tikufunsa kuti ntchito imeneyi ingachedwe mpaka liti koma 14 uja osasuntha. LF ndi tsiku lomaliza limene ikuyenera kukhala itatha, LS ndi tsiku lomaliza limene ikuyenera kukhala itayamba, `LS = LF - masiku`. G timaipatsa LF ya 14, LS yake ndi 12. D ndi F onse akuyenera kutha G isanayambe nde onse LF ndi 12, D ibwerera masiku 4 kufika pa 8, F ibwerera masiku 3 kufika pa 9. E ili ndi womudikira mmodzi yekha, F, nde LF yake ndi 9, LS ndi 7. C nayo ikudikiridwa ndi E yekha, LF 7, LS 5. Mpaka apa ndikukhulupirira manambala athu akufanana.

Nde tafika pa B paja. B ikudikiridwa ndi awiri, D akuti ine ndikuyenera kuyamba pofika pa 8, F akuti ine ngakhale pa 9 palibe vuto. Inuyo munamvera F nkulemba 9. Koma tangoganizani, B ikatha pa 9, D iyamba pa 9, ithera pa 13, G ithera pa 15, pulojekiti yachedwa. Ndiye B ikuyenera kumvera amene ali pa changu kwambiri, LF yake ndi 8, LS ndi 3. Pa A ndi nkhani yomweyo, B akufuna kuyamba pofika pa 3, C akuti 5, inu munatenga 5 kuchotsa masiku 3 nkupeza 2 wanu uja. Tengani 3, kuchotsa 3, mwafika pa 0.

Ndipo 0 ameneyo ndi alonda anu. Ngati munayamba kubwerera ndi nambala yomwe munapeza popita kutsogolo, pakuyenera kupezeka ntchito yoyambirira imodzi yomwe LS yake ndi 0, mukapeza ina iliyonse dziwani kuti pena pake mwaphonya, pitani mukaone ntchito zimene zimatulutsa mivi iwiri kapena kuposa, kawirikawiri vuto limabisala pamenepo. Mukapezanso fuloti ya mainasi pamene palibe amene wakupatsani tsiku lotsekera lofupikirapo kuposa 14, nakonso ndi kulakwitsa kwa masamu osati kuti mwatulukira chinthu chatsopano ayi.

Zonse pamodzi zikuoneka chonchi:

```
    ES  EF  LS  LF  TF  FF
A    0   3   0   3   0   0
B    3   8   3   8   0   0
C    3   5   5   7   2   0
D    8  12   8  12   0   0
E    5   7   7   9   2   1
F    8  11   9  12   1   1
G   12  14  12  14   0   0
```

Fuloti ndi mpata basi, masiku amene ntchito ingazengereze popanda kuononga kanthu. Koma kanthu kake kati? Apa mpamene pali mitundu iwiri. TF ndi mpata umene ntchito ili nawo tsiku lomaliza pulojekiti yonse lisanasunthe, `TF = LS - ES`, ndipo `LF - EF` ikuyenera kukupatsani nambala yomweyo, ikasiyana mwalakwitsa kuchotsera. Zimene TF yake ndi 0 ndi A, B, D, G, imeneyo ndiye njira yopanda mpata ija aphunzitsi amaitcha kiritiko pafu, ndipo mukaphatikiza masiku ake 3, 5, 4 ndi 2 mupeza 14 ndendende. Njira zinazo nzaifupi, yodutsa A, B, F, G ndi 13, yodutsa A, C, E, F, G ndi 12. Anthu ambiri zimawadabwitsa kuti njira yaitali kwambiri ndi imene imapereka nthawi yochepetsetsa yomalizira pulojekiti, koma nzoona, simungamalize njira yaitaliyo isanathe.

FF ndi yokhwimirapo, ndi mpata umene ntchito ili nawo isanachedwetse ngakhale mnzake woitsatira. Mumatenga ES yaing'ono kwambiri mwa amene akuidikira nkuchotsa EF yake. Taonani C, pa TF ikuoneka ngati yolemera, masiku 2, koma FF ndi 0, chifukwa ikuthera pa 5 ndipo E ikuyamba pa 5 pomwepo, C ikangochedwa tsiku limodzi E yakankhidwa kale. E ili ndi FF ya 1 chifukwa ikuthera pa 7 pamene F olo atafuna sangayambe isanakwane 8, akudikirabe B.

Apa ndikufuna mukhazikike chifukwa ndi pamene anthu amagwa ngakhale ali kale pantchito. Munthu amaona C ili ndi 2, E ili ndi 2, F ili ndi 1 nkumati njira imeneyi ili ndi masiku 5 oseweretsa. Bodza limenelo. Mpatawo ndi umodzi womwewo, akungobwerekana. Yesani kuchedwetsa C ndi masiku 2 muone, ithera pa 7, E iyenda kuchoka pa 7 kufika pa 9, F iyamba pa 9 mmalo mwa 8 nkuthera pa 12, G iyamba pa 12 monga kale. Pulojekiti sinachedwe inde, koma yang'anani zimene zatsala, E ilibenso mpata, F ilibenso mpata, C wadya zonse yekha ndipo tsopano muli ndi njira ziwiri zopanda mpata. C ikachedwa masiku 3 ndiye mwalowa mu 15. Ine ndinaziona ndi maso pantchito ina, aliyense anapatsidwa pepala loonetsa TF yake, woyamba anaona kuti ali ndi masiku angapo nkupita kukagwira zina kaye, wachiwiri naye anawerengera masiku omwewo osadziwa kuti anadyedwa kale, pofika kwa wachitatu kunali kulozana zala. Kuyambira pamenepo munthu wogwira ntchito imodzi ndimamuuza FF yake, TF imakhala mmanja mwa amene akuyang'anira pulojekiti yonse.

Chinanso, onani kaye kuti aphunzitsi anu akufuna dayagiramu yamtundu uti. Imene ndafotokozayi ntchito ili mu bokosi. Pali ina ija ntchito imakhala pa muvi ndipo timizere tozungulira timaimira pamene ntchito zathera kapena kuyambira. Ngati ndi imeneyo, tebulo lanuli lili ndi msampha, D imadikira B yekha koma F imadikira B ndi E. Mukalowetsa B ndi E mu kozungulira kamodzi nkutulutsamo D ndi F, mwanena kuti D nayo imadikira E, zimene tebulo silinanene. Mukufunika dame, muvi wa timadontho wa masiku 0, kuchoka pamene B yathera kupita pamene E yathera, F iyambire pamenepo, D ituluke pamene B yathera paja. Choopsa nchakuti ngakhale mutaiwala dameyo mupezabe 14 nkumaona ngati zili bwino, koma LF ya E ikhala 8 mmalo mwa 9, ndiye TF ya C ndi ya E zituluka 1 mmalo mwa 2. Mu dayagiramu yotereyi musatengenso mpata wa kozungulira ngati fuloti ya ntchito, pamene F ikuyambira pali 8 ndi 9, kusiyana kwake ndi 1, koma E imene ikuthera pomwepo ili ndi 2, chifukwa mumatenga 9 kuchotsa 5 wa pamene E yayambira kuchotsanso masiku ake 2.

Funso lina likadzabwera ndi manambala atatu pa ntchito iliyonse musadzachite mantha, imeneyo ndiye PERT yeniyeni monga anaipangira a nevi ya ku America mu 1958 pa pulojekiti ya mizinga ya Polaris, pamene ntchito zambiri zinali zachilendo ndipo munthu sakanatha kunena tsiku lenileni. Amakupatsani a zikayenda bwino kwambiri, m mmene zimakhalira nthawi zambiri, b zikavuta kwambiri, inu mumapanga `te = (a + 4m + b) / 6`. Mwachitsanzo B itakhala 3, 4 ndi 11, ndiye 3 kuphatikiza 16 kuphatikiza 11 ndi 30, kugawa ndi 6 mupeza 5, ndipo 5 ameneyo ndi amene mumalowetsa mu bokosi, zotsalazo nzomwe tapangazi.

Mabuku ena amayamba kuwerenga pa tsiku 1 osati 0, pamenepo `EF = ES + masiku - 1` ndipo wotsatira amayamba tsiku linalo, A ikhala 1 mpaka 3, B 4 mpaka 8. TF imatuluka yomweyo, koma pa FF muchotsenso 1, ndipo pobwerera mukuyenera kuthera pa 1. Onani mmanotsi anu kuti mkalasi mukugwiritsa iti, musasakanize ziwirizi papepala limodzi.