Rauta Yarisetedwa: Waifai Ikuoneka Koma Intaneti Palibe

"Ndili ndi kasitolo ka fotokope ndi kupulinta ku Chilenje, ndipo tili ndi faiba. Intaneti inali kudukaduka, ndiye mlamu wanga anabaya kabowo ka kumbuyo kwa rauta ndi phini. Tsopano waifai ikuoneka ndi dzina lachilendo, talowa ndi pasiwedi yolembedwa pansi pa rauta, koma intaneti palibe, ndipo pulinta nayonso yasowa pa kompyuta. Kodi rauta yafa?"

Amayi, rauta yanu sinafe, ndipo musataye ndalama kukagula ina ku tauni. Chimene chachitika n'chakuti yaiwala zonse zimene munthu amene anakuikirani faiba anailembera m'kati, ndipo yabwerera mmene inalili pamene inkatuluka m'bokosi. Kabowo kolembedwa Reset, kakadinidwa kwa masekondi pafupifupi 10 rauta ili yoyaka, kamafafaniza dzina la waifai, pasiwedi yake, njira yolumikizanirana ndi kampani ya intaneti, komanso maadiresi a zipangizo za m'sitolo. Zolembedwa pasitika ya pansi zimangokulowetsani mu rauta yeniyeniyo. Sizikuuza kampani kuti ndinu ndani, n'chifukwa chake foni yanu ikusonyeza kuti yalumikizidwa pamene palibe tsamba lililonse likutseguka.

Funso lanu landikhudza chifukwa nkhani imeneyi ndimakumana nayo kawirikawiri muno mu Lusaka, ndipo imene imandikhala m'mutu ndi ya kasukulu kena ka ku Matero kumene anandiitana nthawi ya mayeso. Mu ofesi ya aphunzitsi aakulu munali mabokosi awiri. Loyamba linali kabokosi ka kampani ka pakhoma kolowa chingwe chopyapyala cha faiba, ndipo lachiwiri linali rauta imene sukulu inadzigulira yokha, yolumikizidwa ku kabokosi kaja ndi chingwe cholowa padoko lolembedwa WAN. Intaneti inali kuzimazima, ndipo mphunzitsi wina wachinyamata, wofuna kuthandiza, anariseta rautayo. Nditafika ndinayamba ndaona magetsi a pakabokosi ka pakhoma. Getsi la PON linali lobiriwira ndi lokhazikika, la LOS lozima, kusonyeza kuti kuwala kwa faiba kukufika bwino. LOS ikanakhala yofiira, ndiye kuti chingwe chaduka kapena chapindika penapake, ndipo pamenepo palibe chimene munthu angakonze mu rauta.

Ndinalumikiza laputopu ku rauta ndi chingwe, chifukwa waifai imaduka nthawi zambiri munthu akasintha kanthu, ndipo ndinalemba lamulo ili mu Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, kuti ndidziwe adiresi imene rauta yabwererako:

```
ipconfig
```

Pamzere wa Default Gateway panatuluka 192.168.0.1, ndipo nditailemba pamalo olembapo maadiresi a masamba, tsamba la rauta linatseguka. Mbali ya WAN inali pa Dynamic IP, mmene marauta ambiri amakhalira akachoka kufakitale. Kumeneko n'kunena kuti rauta ikungoyembekezera kuti bokosi la kutsogolo kwake liipatse adiresi. Koma pamalo pa adiresiyo panali 0.0.0.0, chifukwa kampani yawo inkafuna kuti rauta iyambe yadzidziwikitsa kudzera mu PPPoE, ndi dzina ndi pasiwedi zimene kampaniyo imapereka kwa kasitomala aliyense payekha. Dzina ndi pasiwedi zimenezo zinali mu rauta mokha, ndipo phini inali itazifafaniza.

Apa ndi pamene ntchito ya mphindi zochepa inasanduka ya tsiku lathunthu. Mnyamata amene anaika faibayo anali atasamukira ku Kitwe, ndipo nambala yake sinkapezekanso. Titaimbira kampani, anafuna nambala ya akaunti ndi dzina la mwini wake, ndipo tinapeza kuti akauntiyo inali m'dzina la mlembi amene anasiya ntchito kalekale. Aphunzitsi aakulu anakhuthula mafayilo onse a malisiti pansi, ana akuyembekezera mapepala a mayeso panja, mpaka tinapeza lisiti yakale yokhala ndi nambalayo. Kampaniyo sindiiimba mlandu pokana kupereka pasiwedi kwa munthu wongoimba foni, chifukwa ikanatero aliyense akanatha kuba intaneti ya mnzake. Amene ndimawaimba mlandu ndi ife amisiri amene timaika zipangizo m'masitolo ndi m'masukulu, n'kulandira ndalama zathu, n'kuchoka osasiya ngakhale kapepala kamodzi. Ena amachita dala kuti aziitanidwanso, ndipo ine ndimati kumeneko n'kugwira kasitomala pakhosi. Munthu amene walipira ayenera kupatsidwa zonse zolembedwa, kaya akuzimvetsa kaya ayi.

Titalemba dzina ndi pasiwedi pa PPPoE, mbali ya WAN inasonyeza Connected ndipo adiresi inatuluka. Pulinta yokha ndiyo inakanabe, ndipo chifukwa chake ndikuganiza kuti n'chofanana ndi chanu. Nditatulutsa pepala la zoikamo za netiweki kuchokera pa pulintayo, linasonyeza kuti inapatsidwa adiresi yosasintha ya 192.168.1.50. Rauta isanarisetedwe inali pa 192.168.1.1, koma tsopano inali kugawa maadiresi oyamba ndi 192.168.0, kotero kompyuta ndi pulinta zinali pa netiweki ziwiri zosiyana ngakhale zinali pa tebulo limodzi. Panali njira ziwiri: kusintha pulinta kenako n'kuiikanso pa kompyuta iliyonse, kapena kubwezera rauta pa adiresi yake yakale. Ndinasankha yachiwiri chifukwa ndi malo amodzi okha ofunika kusintha. Pa LAN, mbali ya rauta yoyang'ana zipangizo za mu ofesi, ndinalemba 192.168.1.1, ndipo pa DHCP ndinauza rauta kuti izigawa maadiresi kuyambira pa 192.168.1.100 kupita m'tsogolo, n'cholinga choti isadzapereke 50 ija kwa foni ya mphunzitsi. Rauta itayakanso, pulinta inayamba kutulutsa mapepala onse amene anali atatumizidwa kuyambira m'mawa.

Chondipweteka pa zonsezi n'chakuti vuto loyamba lija linali lidakalipo. Tili chikhalire mu ofesi, magetsi onse a pa rauta anazima okha n'kuyakanso. Vuto linali adaputala ya magetsi, yolembedwa 12V 1A, imene inali itafooka ndi kuzima ndi kuyaka kwa malaiti kumene tonse tikukudziwa mu mzinda uno. Titaika ina yofanana mphamvu, kudukaduka kunatha. N'chifukwa chake ndimanena mosabisa kuti kuriseta si mankhwala a intaneti yodukaduka kapena yochedwa. Rauta imene inagwira ntchito bwino kwa miyezi yambiri ndi zoikamo zomwezo siyamba kuvuta chifukwa cha zoikamozo. Kuiriseta kuli ngati kung'amba kope lonse la ngongole chifukwa tsamba limodzi lanyowa. Kuriseta kumayenera pamene pasiwedi yolowera mu rauta yaiwalika ndipo palibe amene akuidziwa, pamene mwagula rauta yogwiritsidwa kale ntchito, kapena pamene mukukayikira kuti munthu wina analowamo n'kusintha zinthu. Pa mavuto enawa, kuzimitsa rauta pakhoma, kudikira theka la mphindi, n'kuiyatsanso kumakwanira, ndipo sikufafaniza kanthu. Tsoka lake n'lakuti pa marauta ena batani la WPS ndi la Reset ndi limodzi, ndiye munthu akalidina nthawi yaitali amariseta asakudziwa.

Zoyenera kuchita m'sitolo mwanu

Muyambire kunja kulowa m'kati, ndiko kuti kampani poyamba, maadiresi a m'sitolo pambuyo pake, waifai pomalizira. Choyamba muone ngati mabokosi ali awiri kapena limodzi. Ngati chingwe cha faiba chikulowa mwachindunji m'bokosi limene alamu anu anabaya, musadzivutitse, imbirani kampani, chifukwa zoikamo za bokosi limenelo ndi zawo ndipo nthawi zambiri amazibwezera ali komweko ku ofesi kwawo. Ngati ali awiri, la pakhomalo musalikhudze, ndipo muimbe foni muli ndi nambala ya akaunti m'manja. Muwafunse ngati mzere wanu ndi wa PPPoE, Dynamic IP kapena Static IP, muwapemphe dzina ndi pasiwedi, ndipo muwafunsenso ngati pakufunika nambala ya VLAN. Makampani ena amaifuna, ndipo popanda iyo ngakhale pasiwedi yolondola sigwira ntchito.

Mukalemba zimenezi, muyese mzerewo mu Command Prompt pa kompyuta musanapitirire:

```
ping 8.8.8.8
ping google.com
```

Zonse ziwiri zikayankha ndi Reply from pamzere wokhalanso ndi time=, intaneti yabwera. Yoyamba ikayankha koma yachiwiri n'kukana, mzere uli bwino ndipo vuto lili pa DNS, imene imasandutsa maina a masamba kukhala maadiresi, ndipo mungaibwezere pa Automatic. Zonse zikakana, mubwerere ku WAN, ndipo muonetsetse zilembo zazikulu ndi zazing'ono za pasiwedi ija.

Kenako mutulutse pepala la netiweki la pulinta yanu, muyerekezere manambala atatu oyambirira a adiresi yake ndi a rauta, ndipo muchite monga ndinachitira ku Matero. Chenjezo ndi limodzi: ngati mzere wanu uli pa Dynamic IP ndipo adiresi ya pa WAN ikuyamba ndi 192.168.1, musaike LAN pa manambala omwewo, chifukwa mbali ziwirizo zidzawombana ndipo intaneti idzatha. Zikatero, musinthe adiresi ya pulinta m'malo mwa rauta.

Waifai muipatse dzina ndi pasiwedi zakale zenizeni, chilembo ndi chilembo, ndipo mafoni ndi pulinta zidzalumikizika zokha monga kale. Ngati mwaziiwala, kompyuta ya Windows imene inkalowa pa waifaiyo imazisunga. Mutsegule Command Prompt kudzera pa Run as administrator, lamulo loyamba likupatsani maina, ndipo lachiwiri, mukaika dzina la waifaiyo m'malo mwa DZINA, likusonyezani pasiwedi pamzere wa Key Content:

```
netsh wlan show profiles
netsh wlan show profile name="DZINA" key=clear
```

Chitetezo muchiike pa WPA2, ndipo 2.4 GHz musaizimitse, chifukwa mapulinta ambiri saona 5 GHz. Musinthenso pasiwedi yolowera mu rauta, chifukwa kasitomala aliyense wobwera kudzachita fotokope angathe kuwerenga sitika ija. Zonse zikayenda, mupeze Backup pansi pa System Tools kapena Administration, musunge fayiloyo pa fulashi imene simubwereketsa makasitomala popeza muli mapasiwedi, ndipo mudziwe kuti idzagwira ntchito pa rauta ya mtundu womwewo basi. Dzina ndi pasiwedi za PPPoE muzilembe m'kope lanu la sitolo. Intaneti ikayambanso kudukaduka, muyang'ane magetsi a pa rauta panthawi imene yadukayo: akazima onse pamodzi, mugule adaputala ina ya mphamvu yomweyo, ndipo ikakhala LOS yafiira pabokosi la pakhoma, muitane kampani kuti idzaone chingwe.