Mbendera imene yatha milungu isanu si mbenderanso

"Mtengo ukapuma pang'ono pa tchati cha tsiku ndimagula, poganiza kuti ndi mbendera kapena thirayango ndipo upitiriza kukwera, koma nthawi zambiri umatembenuka n'kugwa. Kodi ndingasiyanitse bwanji zisanandidyere ndalama?" Wafunsa motero wowerenga wina wa ku Chilenje.

Achimwene, kalata yanu yandikumbutsa bala langa lakale, ndipo mundilole ndiyambire pamenepo. Nthawi ina EURUSD, mtengo wa yuro poyerekeza ndi dola ya ku America, inakwera kuchoka pa 1.0760 kufika pa 1.1000 m'masiku 6 okha, mapipu 240, pipu imodzi kukhala kusuntha kwa 0.0001, kukwera kowongoka kumene timakutcha mlongoti wa mbendera. Mtengo utayamba kubwerera pang'onopang'ono ndinajambula mizere iwiri yotsetsereka, ndipo pa tsiku lachinayi ndinagula pa 1.0940 ndili m'minibasi yochokera m'tauni, foni m'dzanja limodzi, ndalama ya kondakitala m'dzanja linalo. Sindinadikire kuti mtengo utuluke pamwamba pa mzere, chifukwa ndinkadziona ngati wochenjera amene wafika phwando lisanayambe.

Mlungu wachiwiri kandulo ina, chizindikiro cha pa tchati choonetsa mmene mtengo wayendera pa tsiku, inatseka pa 1.0870. Theka la mlongotiwo linali pa 1.0880, kutanthauza kuti ogulitsa anali atabweza zoposa theka la ulendo wonse, ndipo mbendera yeniyeni kawirikawiri sifika kumeneko. Mbendera ndi kupuma kwa anthu amene akutenga phindu pang'ono, choncho imakhala yosaya, makandulo ake amafupika, ndipo imatha pakati pa mlungu umodzi ndi milungu itatu. Ine zonsezi ndinkazidziwa bwino. Komabe mtengo utakweranso kufika pa 1.0985 ndinafufuta mizere yanga n'kujambula ina, ndikudziuza kuti mwina si mbendera koma thirayango.

Chizolowezi chimenechi ndimadana nacho kwambiri tsopano, ndipo ndimachiona tsiku lililonse m'magulu a amalonda kuno ku Lusaka, kumene munthu amatumiza chithunzi chimodzimodzi katatu, mizere yokha ikusuntha. Amene amasuntha mzere atalowa kale mu malonda sakuwerenganso tchati, akungochonderera msika. Ngakhale aphunzitsi amene amalowezetsa ophunzira maonekedwe a zithunzi popanda kuwaphunzitsa kuyeza ndimawaimba mlandu, pakuti masiku oyambirira kupuma ndi kutembenuka zimafanana ngati mapasa.

Mlungu wachisanu kandulo yayitali inatseka pansi pa 1.0870, ndipo pamenepo zinaonekera poyera kuti ndinali nditagula mkati mwa nsonga ziwiri, chizindikiro chodziwika cha kutembenuka. Kuchoka pa nsonga ya 1.1000 kufika pa chigwa cha 1.0870 pali mapipu 130, ndipo mukawachotsa pa chigwacho mupeza 1.0740, kumene mtengo unkayembekezeka kulowera. Ndinatuluka pa 1.0800 nditataya mapipu 140.

Nanga thirayango

Thirayango yokwera imafanana kwambiri ndi nsonga ziwiri, chifukwa zonse zili ndi denga limene mtengo waligunda kawiri n'kulephera. Kusiyana kuli pansi. Mu thirayango chigwa chilichonse chimathera pamwamba pa chinzake chapitacho, kusonyeza kuti ogula akulolera kugula modula, pamene pa nsonga ziwiri mtengo umabwerera mpaka pa chigwa choyamba n'kuchiboola. Musaitchule thirayango mtengo usanagunde mzere uliwonse kawiri, ndipo muziyembekezera kuti utuluke utayenda pakati pa theka ndi magawo atatu mwa anayi a ulendo wopita pamene mizere ikumana. Ukangokwawa mpaka pakonapo, chithunzicho chatha mphamvu.

Voliyumu, ndiye kuti kuchuluka kwa malonda amene achitika, imathandizanso, chifukwa pa kupuma kwenikweni imachepa tsiku ndi tsiku, koma pa kutembenuka imakula masiku amene mtengo ukugwa. Kumbukirani kokha kuti imene pulogalamu yochitira malonda ya MT5 imaonetsa pa ndalama zakunja imawerenga kangati mtengo wasintha, osati kuchuluka kwa zimene zagulitsidwa, choncho ikhale mboni yachiwiri.

Zimene ndimachita lero n'zochepa. Ndisanagule ndimalemba manambala awiri papepala, theka la mlongoti ndi chigwa chomaliza, ndipo kandulo ikatseka pansi pa imodzi mwa nambalazo dzina lakuti mbendera ndimalichotsa. Ndimagula pokhapokha kandulo ya D1, ndiye kuti ya tsiku lonse, itatseka pamwamba pa mzere wakumwamba, sitopu losi, malire otulukira mtengo ukandiipira, n'kuiika pansi pa chigwa cha mbenderayo. Kwa mabuloka ambiri kanduloyo imatseka 17:00 ku New York, imene kuno ndi 23:00 kapena pakati pa usiku malinga ndi nyengo, choncho zimene mukuona masana zikhoza kufufutika usiku usanathe, ndipo ine ndimayang'ana tchati m'mawa madzi a tiyi ali pamoto.