Mwana wa thukuta lamchere, nanga bwanji akumupatsanso mchere?

"Mwana wanga wa zaka 4 amupeza ndi sisitiki faibulosisi kuno ku Mangalande. Ndikamupsompsona pachipumi ndimamva mchere, komabe kuchipatala akuti azipuma nthunzi ya madzi amchere. Apongozi akuti tikuonjezera matenda. Zoona?"

Mayi, apongozi anu akulakwitsa, koma sindikuwaseka. Mchemwali wanga anafunsa zomwezo za mwana wake, ndipo ine ndinali mbali yake.

Mcherewo sunachuluke m'thupi, uli pamalo olakwika. M'maselo a njira za mpweya muli puloteni yotchedwa CFTR, imene imatulutsa kolorayidi, mbali imodzi ya mchere wathu wapandiwo. Kumene mchere wapita, madzi amatsatira, monga mumaonera mukathira mchere pa kabichi woduladula. Madziwo ndiwo amasungunula makhololo kuti titsitsi ting'onoting'ono ta m'njiramo tiwakankhire kukhosi. CFTR ikapanda kugwira ntchito, monga zimakhalira pa sisitiki faibulosisi, kolorayidi satuluka, sodiyamu, mbali inayo ya mchere, amayamwidwa mopitirira, madzi n'kutsatira. Makhololo amauma n'kukakamira, majeremusi n'kupezapo malo. Pakhungu zimayenda mosiyana: CFTR imayenera kubweza mchere wa m'thukuta kuti ulowenso m'thupi. Ikalephera, mchere umatsala pachipumi pomwe mumapsompsonapo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'china. Mwana wa mchemwali wanga ankangotsokomola, osanenepa, chimbudzi chamafuta chonunkha kwambiri. Kumudzi anayamba kuloza zala azakhali ena. Wachipatala wina anatiuza kuti amenewa ndi matenda a azungu, tisavutike. Ayi ndithu! Amapezeka kwambiri mwa azungu, inde, koma ku Joni ana akuda amapezeka nawo, ndipo nthawi zambiri jini yawo, kanthu ka m'maselo kamene mwana amatengera kwa makolo, imakhala yolakwika mosiyana ndi ya azungu, choncho kuyeza magazi kofufuza zolakwika zodziwika zokha kungawaphonye. Mwana wa mchemwali wanga uja anapezeka nawo atamuyeza thukuta. Kolorayidi akafika 60 mmol/L kapena kuposa, ndiye matendawo. Akachepera 30, kawirikawiri si amenewo. Wonena kuti "anthu akuda sadwala" asanayeze thukuta ndi waulesi, ndipo sindibweza mawu amenewa.

Ndipo wina asakuuzeni kuti matendawa achokera kwanu kokha. Mwana amadwala pokhapokha atalandira jini yolakwika kwa mayi ndi kwa bambo omwe. Makolo otere, pa mimba iliyonse, mpata woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Apongozi amvenso zimenezo.

Za nthunziyo

Madzi ake amakhala ndi mchere wambiri, nthawi zambiri 7 peresenti, pomwe wa m'thupi ndi pafupifupi 0.9. Akafika m'mapapo amakoka madzi, makhololo n'kufewa. Mwana akatsokomola kwambiri pambuyo pake, ndiye kuti zikugwira. Akabanika kapena pachifuwa pakamalira, uzani achipatala. Ambiri amayamba apuma mankhwala otsegula njira za mpweya. Musasungunule nokha mchere wakukhitchini. Ndipo mukadzapita kumudzi mu Okutobala, funsirenitu kuchuluka kwa mchere woonjezera m'zakudya, chifukwa akatuluka thukuta amataya wambiri kuposa anzake.