Pepala la mankhwala lili pa chithunzi, nambala sikuoneka: ndilembe iti?

Funso: Adokotala, mayi anga ali ndi zaka 71 ndipo amadwala mtima. Mlongo wanga wanditumizira chithunzi cha pepala limene awalembera kuchipatala kuti ndiwagulire mankhwala kuno kumene ndili. Ndakopera zonse mu uthenga wa pa foni, ndipo mawu achidule ndawamasulira m'Chichewa kuti mlongo wanga azimva. Koma pa mzere wa `Digoxin` pena ndikuona 0.125, pena 125, pena 1.25. Papita masiku anayi, mayi akumwa mapiritsi otsala a chaka chatha. Ndilembe nambala iti? Ine ndiye wophunzira pakhomo pathu, onse akudalira ine.

Yankho: Achimwene, musalembe iliyonse mwa zitatuzo. Ndipo ndikuona kuti chimene chakusowetsani tulo si nambalayo ayi, koma manyazi onena kuti "apa sindikuwerenga". Manyazi amenewo achotseni. Ifeyo madokotala timalephera kuwerenga zolemba za anzathu, ndipo wa ku famase wodziwa ntchito yake akakayika amaimbira foni amene walembayo. Sangoganizira. Ngati iye, amene amawerenga mapepala otere tsiku lonse, amafunsa, inu mukuopa chiyani?

Taonani chifukwa chake nambalayi siyosewera nayo. `0.125 mg` ndi `125 mcg` ndi mlingo umodzimodzi, wangolembedwa m'njira ziwiri, ndipo ndi mlingo umene achikulire ambiri amapatsidwa. `1.25 mg` ndi mlingo womwewo kuchulukitsa ka 10. Ndipo mukalemba 125 n'kuika `mg` pamene dokotala analemba `mcg`, mwachulukitsa ka 1,000. Kusiyana konseku kwagona pa kadontho kamodzi ndi kachilembo kamodzi, zinthu zimene chithunzi chojambulidwa mumdima, kapena pepala lopindika pakati, limameza mosavuta. Mankhwala amenewa alibe malo olakwira: pakati pa mlingo wothandiza ndi mlingo wovulaza mpata wake ndi waung'ono kwambiri, makamaka kwa munthu wamkulu amene impso zake sizichotsanso mankhwala m'thupi msanga.

Tsono pali chikhulupiriro chimene ndikufuna tilimbane nacho, chifukwa ndimakumana nacho kawirikawiri kwa anthu ophunzira ngati inu. Amati kukopera bwino ndi kukonza: kutambasula mawu achidule, kuwongola masipelo, kuika zonse m'chiyankhulo chomveka. Mtima wake ndi wabwino, koma ntchitoyo ndi yoopsa. Mukangomasulira, uthenga wanu suonetsanso zimene dokotala analemba, ukuonetsa zimene inu mukuganiza. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti zolemba za pa foni zimaoneka zaudongo. Wolandira saona kuti pena munakayika. Zokhotakhota za dokotala zija zimachenjeza munthu kuti asamale, pamene zanu zoongoka bwino zimamuuza kuti zonse zili m'malo.

Mawu achidulewo amanyenga. Ndaonapo munthu atawerenga `5/7` ngati tsiku la 5 mwezi wa 7, n'kuuza wodwala kuti adikire tsikulo, pamene amatanthauza masiku asanu. `1/12` si 1 Disembala, ndi mwezi umodzi. `od` nthawi zambiri ndi kamodzi pa tsiku, koma pa pepala la dokotala wa maso zilembo zomwezo zingatanthauze diso lakumanja. `qd` wolembedwa mothamanga amafanana ndi `qid`, pamene woyambayo ndi kamodzi pa tsiku, winayo ndi kanayi. Mayina nawonso ali ndi amapasa awo: `carbamazepine` ndi wa khunyu, `carbimazole` ndi wa chithokomiro. Foni yanu nayo imakonda kusintha mawu amene sikuwadziwa, choncho muwerengenso musanatumize. Sindikukupatsani zitsanzozi kuti muloweze n'kuyamba kumasulira. Ndikufuna muone kuti tanthauzo limadalira wodwalayo, matenda ake ndi amene walemba, zinthu zimene chithunzi sichinena.

Kukopera koyenera ndi kwa munthu amene akungojambula zilembo ngati sakuzidziwa. Mzere umodzi wa pa pepala ukhale mzere umodzi mu uthenga wanu. Chilembo chachikulu chikhale chachikulu, kadontho kakhale pamene mwakaona, ndipo musawonjezere 0 kapena `mg` pamene palibe. Dokotala akalemba `tabs` inunso mulembe `tabs`. Ngati anafufuta mawu n'kulemba ena pamwamba, nenani zimenezo, musangosankha amodzi. Pamene simukuona, siyani chizindikiro chooneka, monga chonchi:

```
Digoxin [nambala sikuwerengeka] m?g od x 1/12
```

Mzere wonyansa chonchiwu ndi wabwino kuposa woyera umene muli bodza, chifukwa aliyense wouona aima n'kufunsa. Musaiwale zapamwamba ndi zapansi: dzina la wodwala, zaka, kulemera kwa thupi ngati kwalembedwa, tsiku, ndiponso ngati pali siginecha ndi chidindo. Tsikulo ndi lofunika, poti anthu ambiri amatumiza pepala lakale osadziwa. Ndipo zimene mwakoperazo zisayende zokha, chithunzi chizitsagana nazo nthawi zonse.

Mlongo wanu ajambulenso. Ayale pepalalo pamalo osalala, powala bwino, foni ikhale pamwamba penipeni osati chammbali, ngodya zonse zinayi zioneke, ndipo ayang'ane ngati kuseri kulinso zolemba. Kenako ajambule mzere wovutawo pafupi. Ngati ukukanabe kuwerengeka, ndiye kuti vuto si chithunzi, ndi dzanja la wolemba, ndipo amene angathetse ndi iye yekha kapena mnzake amene ali ndi mbiri ya mayi m'manja.

Uthenga wa m'Chichewa umene mwatumizira mlongo wanu uja, muuzeni lero kuti asautsatire. Kamwedwe ka mankhwala akamve kwa amene akupereka mankhwalawo, ndipo alembe pa paketi iliyonse.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu mwachitchula mongodutsa. Masiku anayi mwakhala mukukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, uku mayi akumwa mapiritsi a chaka chatha. Achimwene, mwachedwa, ndipo funso limeneli linali la mphindi zochepa kuchipatala. Mapiritsi a mtima amenewa amabwera mu mphamvu zosiyana, ena `0.125 mg` ena `0.25 mg`, ndipo ndi maso simungadalire kuwasiyanitsa. Mwina dokotala wachepetsa mlingo chifukwa impso zafooka. Mwina ena mwa akalewo wawaletsa. Mayi akadzalandira atsopano n'kumamwa pamodzi ndi otsalawo, adzamwa kawiri mankhwala amodzi.

Choncho mlongo wanu apite nawo mayi lero kumene analembako pepalalo. Atenge pepala lenilenilo ndi mapaketi onse amene ali m'nyumba, akale ndi atsopano, ngakhale opanda kanthu. Asawasiyitse kapena kuwonjezera mankhwala mwa nzeru zake. Akapemphe kuti mzere wa `Digoxin` ulembedwenso m'zilembo zazikulu, mlingo ndi kamwedwe momveka, ndiponso afunse kuti mwa akalewo ataye ati. Inu mukagule mukalandira chithunzi cha pepala lokonzedwalo, podziwa kuti famase ina idzafuna pepala lenileni, osati chithunzi, ndipo imeneyo sikukuvutitsani. Ngati mayi akuchita nseru kapena kusanza, sakufuna kudya, akusokonezeka mutu, akuona zinthu ngati zachikasu, kapena mtima ukugunda pang'onopang'ono kapena modumphadumpha, asadikire mzere wa odwala wamba. Akanene pakhomo pomwepo kuti akumwa `Digoxin` ndipo mlingo wake sukudziwika.