Ndime 14 ndi mabedi a ku Joni

"Achemwali, ndangoyamba geni yodutsa malire. Ndasainirana ndi sukulu ina kuti ndiwabweretsere katundu wa ku Joni. Nanga kutagwa zoti sindingathe kubweretsa, mgwirizano umathetsedwa bwanji osakathera kukhoti?"

Achemwali, mwati mwasaina kale? Katengeni pepalalo pompano, muyang'ane cha kumapeto ngati muli ndime ya zogwa mwadzidzidzi, ija maloya amati fosi maje. Ngati mulibe, musadzinamize kuti lamulo lidzakuikirani lokha. Kuno kwathu ndimeyi imakuteteza ngati munailemba mu mgwirizano, ndipo imateteza pa zokhazo zimene munatchulamo. Popanda iyo mumatsala ndi kukachonderera woweruza kuti ntchitoyo inasanduka yosathekeratu, ndipo khomo limenelo ndi lopapatiza zedi.

Ine zaka zanga pa msewu wa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge zapitirira 15, ndipo palibe kasitomala angaime pa Wenela n'kunena kuti ndinamudyera ndalama. Koma 2020 inatsala pang'ono kundivula chitenje.

Mu Febuluwale chaka chimenecho ndinasainirana ndi bambo wina amene amatsegula loji kuno ku Blantyre. Mabedi 40 ndi matilesi ake, K300,000 lililonse, zonse K12 miliyoni. Anandipatsa dipoziti ya K4.8 miliyoni, katundu yense afike pofika pa 15 Epulo, ndikachedwa andidule 1 pa 100 iliyonse sabata ndi sabata. Bamboyo anali wamatama, anaumirira kuti mu mgwirizano tilembe dzina la fakitale ya ku Joni imene anaona pa zithunzi, ati safuna zokhomakhoma za m'mbali mwa msewu. Matama akewo ndi amene anadzandipulumutsa.

Mabedi 10 oyamba ndinabwera nawo kumayambiriro kwa Malichi. Anagona masiku anayi pa chipata china chifukwa bwana wina amati mapepala ake akuwaonabe. Ndimamuona pawindo akusenda nthochi, fayilo yanga ili pansi pa chigongono, dalaivala akundiwerengera ndalama ya tsiku lililonse. Anthu amenewa sadziwa kuti ngongole imabala usiku. Ndipo musadzayese kulemba zoterezi ngati zogwa mwadzidzidzi. Kuchedwa pa chipata ndi msana wa wamalonda, aliyense amadziwa kuti kuliko.

Pa 23 Malichi Pulezidenti Ramaphosa analengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha mliri wa korona, kuyambira pa 27 Malichi. Mafakitale a zinthu zosafunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku anatsekedwa, wa mabedi anga ali momwemo, ndalama yanga ya mabedi 30 otsala ili m'kati. Ndinamuimbira bambo uja, iye n'kuti, "Mayi musadandaule, tonse tikuona." Ndinagona mtima uli m'malo. Uchitsiru! Mwana wa mlongo wanga amene amagwira kwa maloya ndiye anandidzidzimutsa patapita masiku, atawerenga pepalalo patebulo pomwe timadyera nsima. Anaika chala pa 14.2, mu ndime ya zogwa mwadzidzidzi ya mgwirizano wathu: wokhudzidwa adziwitse mnzake polemba pasanathe masiku 7 chigwere vutolo. Foni ija sinali kanthu. Kalata ndinapereka pa 2 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, ndinapita nayo ndekha ku loji, ndipo sindinachoke mpaka mlembi wake atasaina ndi kulemba deti pa kope langa. Ndinatumizanso pa imelo imene inalembedwa mu mgwirizano.

Kalata yoyambayo sithetsa kanthu, imangoimitsa wotchi. Ndinalembamo kuti chagwa n'chiyani, chinayamba liti, ndipo ndinakopera mawu enieni a 14.1 pamene panatchulidwa mliri ndi lamulo la boma. Mawu oti "lamulo la boma" ndiwo anali msomali, chifukwa matenda paokha sanatseke fakitale, linatseka ndi lamulo. Ndinamatapo uthenga wa fakitale wonena kuti atseka, ndi chilengezo cha boma la kumeneko.

Pa 9 Epulo Ramaphosa anawonjezera m'bindikiro mpaka kutha kwa mwezi. Kuno kwathu boma linalengezanso wake, koma khoti linauimitsa pa 17 Epulo usanayambe. Pamenepo bambo uja anasintha nkhope. Loji yake inalibe alendo, ndalama zinamuthina, ndiye anandilembera kuti ku Malawi kulibe m'bindikiro, mwachedwa, ndiyamba kudula chindapusa. Munthu yemwe uja wa "tonse tikuona"! Ndinalira m'galimoto pa Chichiri, sindibisa.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Sikokwanira kunena kuti kunja kwavuta. Uyenera kuonetsa kuti chimene chagwacho ndicho chakumanga manja pa ntchito yeniyeni imene unalonjeza, komanso kuti unayesa njira zina. Mgwirizano ukanangoti "mabedi 40", akanandiuza kuti kagule ku Limbe ngakhale utaluza, ndipo akanakhoza. Koma munali dzina la fakitale. Ndinazungulirabe masitolo atatu ku Limbe, ndinatenga mitengo yolembedwa, n'kumulembera kuti ndingathe kubweretsa awa m'malo mwake. Anayankha pa WhatsApp kuti zimenezo sagonekapo alendo ake. Uthengawo ndinausindikiza, ulipo mpaka lero mu chikwama cha mapasipoti akale.

Ndime 14.3 imati vuto likapitirira masiku 30, aliyense angathe kuthetsa mgwirizano polemba. Ndinawerenga pa kalendala ndi chala kuchokera pa 27 Malichi, ndipo ndinadikira mpaka pa 27 Epulo kuti pasakhale wotsutsa. Mukathamanga n'kuthetsa pa tsiku la 25, wophwanya mgwirizano ndinu, ndipo chindapusa chonse chikugwerani. Kalata yachiwiriyo inali tsamba limodzi. Inatchula mgwirizano ndi deti lake, inakumbutsa kalata ya pa 2 Epulo, inanena kuti fakitale ikadali yotseka mwa lamulo, masiku 30 akwana, mabedi ena anawakana, choncho ndikuthetsa gawo la mabedi 30 motsatira 14.3. Sindinalembemo zopepesa zambiri, sindinatchule za mtengo wa randi kapena thiransipoti. Mukangotchula kudula kwa zinthu mwapereka ndodo yokukwapulirani, chifukwa kuluza si kulephera. Anzanga amene anafuna kuthawira ku ndime imeneyi kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 anabwerako manja ali m'khosi.

Kenaka masamu, poti 14.4 imati dipoziti ibwezedwe pochotsa katundu wofika kale. Mabedi 10 ndi K3 miliyoni, ndiye pa K4.8 miliyoni panatsala K1.8 miliyoni yoti ndibweze pasanathe masiku 14. Ndalamayo ndinalibe, inali ku Joni kuseri kwa geti lokhoma. Ndimeyi imakuchotsera chindapusa, koma ndalama ya mwini siikhululuka. Ndinagulitsa kagalimoto kanga kwa munthu wa ku Ndirande pa mtengo wonyozeka, ndinakaika ndalamayo ku banki kuti pakhale lisiti, ndipo loya wa bambo uja atawerenga mapepala onse sanalembenso kachiwiri.

Za sukulu yanuyo, onani deti limene mwasaina. Chinthu chimene chinalipo kale tsiku losainira simungadzachitche chadzidzidzi. Ndipo ngati mu ndime yanu mulibe mawu oti kusefukira kwa madzi ndi kuduka kwa misewu, bwererani kwa ahedi mawa lomwe mukawonjezere, nonse musainepo. Inu munali kuno mu Malichi 2023 pamene Freddy anagumula Soche.